Galu wa chaka chimodzi si mwana wa Sitandade 2

Galu wathu wamkazi, Lekani, anatenga bere ali ndi miyezi 8. Palibe anaganizirapo zomutsekera m'khola masiku amene agalu amphongo a m'dera lonse anayamba kugona pa geti pathu, chifukwa kwa ife anali akadali kamwana. Amalume anga ndiwo anali atatilimbitsa mtima ndi samu imene anaimva kalekale: chaka chimodzi cha galu ndi zaka 7 za munthu. Anawerengera pa zala, nati, "Iwe, miyezi 8 kuchulukitsa ndi 7 ndi miyezi 56. Kagaluka sikanakwane n'komwe zaka 5. Kadziwa chiyani?" Patapita masiku 63, monga mmene bere la galu limakhalira, Lekani anaswa ana asanu kuseri kwa khitchini. Mwa samu ya amalume, mayi wa anawo anali asanafike msinkhu woyamba Sitandade 1.

Samu imeneyi ndi yofala dziko lonse, ndipo n'zosavuta kuona mmene inabwerera. Munthu amakhala zaka pafupifupi 70, galu zaka pafupifupi 10, ndiye ukagawa 70 ndi 10 upeza 7. Kuyerekeza kotereku ndi kwakale kwambiri. Pa miyala ya pansi m'tchalitchi cha Westminster Abbey ku London pali mawu olembedwa m'chaka cha 1268 amene amapatsa galu zaka 9 ndipo munthu zaka 81, kutanthauza kuchulukitsa ndi 9. Nambala inasintha, koma maganizo ake ndi omwewo: kuti moyo wa galu ndi moyo wa munthu woufinya, ngati chithunzi chochepetsedwa, gawo lililonse lafupika mofanana. Vuto lagona pamenepo. Galu sathamanga liwiro limodzi kuyambira kubadwa mpaka kufa. Amayamba ndi liwiro la mtondo wadooka, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono.

Umboni wosavuta kuuona uli m'kamwa. Kagalu kamabadwa kopanda dzino, maso ali otseka, ndipo kamaphenya pakatha masiku 10 mpaka 14. Mano oyamba, amene ndi 28, amatuluka pakati pa sabata yachitatu ndi yachisanu ndi chimodzi, osongoka ngati singano. Aliyense amene anaseweretsapo kagalu ndi chala akuwadziwa. Pa miyezi 3 kapena 4 amayamba kugweluka, kuyambira akutsogolo, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 mano onse 42 a galu wamkulu amakhala atakwana. Mwana wa munthu amayamba kugweluka mano ali ndi zaka pafupifupi 6, n'kudzamaliza kusintha ali ndi zaka 12 kapena 13. Ndiye tikatengera mano, miyezi 7 ya galu ikufanana ndi zaka 12 za munthu. Zaka 12 ndi miyezi 144. Gawani ndi 7, mupeza kuti pa gawo limeneli galu akuthamanga kuposa munthu maulendo oposa 20, osati 7.

Kulemera nakonso kukunena zomwezo. Khanda la munthu likamakwanitsa chaka limakhala litawirikiza katatu sikelo imene linabadwa nayo, ndipo limakhala likadali kutali ndi msinkhu wa mayi ake. Galu wa msinkhu wapakati, ngati agalu athu achikudawa, akamakwanitsa chaka amakhala atatsala pang'ono kumaliza kukula, mafupa atakhwima, wokhoza kubereka, wokhoza kudzifunira chakudya ndi kuteteza pakhomo. Mwana wa zaka 7 sangachite n'chimodzi chomwe mwa zimenezi.

N'chifukwa chake madokotala a ziweto anasiya kalekale kugwiritsa ntchito nambala imodzi. Mawerengedwe amene bungwe la madokotala a ziweto ku America limapereka, a galu wa msinkhu wapakati, amadula moyo wake m'magawo atatu. Chaka choyamba chimawerengedwa ngati zaka 15 za munthu. Chaka chachiwiri chimawonjezera zaka 9, kufika pa 24. Kuchokera pamenepo chaka chilichonse chimawonjezera pafupifupi zaka 5. Kwa mphaka chiyambi ndi chomwecho, 15 kenako 24, koma chaka chilichonse chotsatira chimawonjezera zaka 4 zokha.

Tiyeni timuyese Lekani, amene lero ali ndi zaka 9 ndipo amalemera makilogalamu 18. Zaka ziwiri zoyamba ndi 24. Zatsala zaka 7, chilichonse kuchulukitsa ndi 5, ndi 35. Kuphatikiza, 59. Samu ya amalume ikupereka 63. Kusiyana kwake ndi kochepa, ndipo apa mpamene pali chinsinsi chimene chimachititsa kuti samu ya 7 isafe. Pa galu wa zaka 7 njira ziwirizi zimapereka yankho limodzimodzi, 49. Anthu ambiri amayamba kufunsa za msinkhu wa galu wawo akaona imvi kukamwa, galuyo ali ndi zaka 7, 8 kapena 9, ndipo pa zaka zimenezi kuchulukitsa ndi 7 sikuphonya patali. Wotchi yakufa nayonso imalondola kawiri pa tsiku. Kumene samuyi imanama kwambiri ndi kumayambiriro, kumene imachepetsa msinkhu, ndi kumapeto, kumene imaukokomeza.

Kumapetoko zimafika poseketsa. Galu wina wa ku Australia, Bluey, anafa mu 1939 ali ndi zaka 29 ndi miyezi 5. Kuchulukitsa ndi 7 ndi zaka zoposa 200. Mphaka wina wa ku Texas, Creme Puff, anabadwa mu 1967 n'kufa mu 2005 ali ndi zaka 38, zimene zikanakhala zaka 266. Munthu amene zikalata zimatsimikizira kuti anakhalitsa kuposa onse, Jeanne Calment wa ku France, anamwalira mu 1997 ali ndi zaka 122. Mwina munganene kuti amenewo ndi apatali. Chabwino, tengani mphaka wa zaka 15, amene si wachilendo konse pakati pa amphaka ogona m'nyumba. Samu ya 7 ikumupatsa zaka 105, chikhalirecho akukwera yekha pa kabati kukaba usipa. Mawerengedwe a madokotala akumupatsa 24 kuphatikiza zaka 13 kuchulukitsa ndi 4, zonse pamodzi 76. Gogo wa zaka 76 wodziyendera yekha kumunda tikumudziwa. Wa zaka 105 wokwera pa kabati sitinamuonepo.

Mu 2020 panabwera njira ina imene inatchuka kwambiri m'manyuzipepala. Akatswiri a pa yunivesite ya California ku San Diego, motsogozedwa ndi Tina Wang ndi Trey Ideker, sanayang'ane mano kapena imvi, koma DNA ya m'magazi. Pamene nyama ikukula, timamolekyu ting'onoting'ono timamatirira pa malo ena a DNA ndi kuchoka pa malo ena, ndipo timathandiza kutsegula kapena kutseka majini. Zimenezi amazitcha methileshoni. Kasinthidwe kake kamatsata msinkhu mokhulupirika moti munthu wodziwa angathe kuyeza magazi n'kunena zaka za mwini wake osaphonya patali. Akatswiriwo anatenga magazi a agalu 104 a mtundu wa Labrador, kuyambira tiana ta masabata ochepa mpaka nkhalamba za zaka 16, n'kuyerekeza ndi a anthu 320. Pa galu aliyense ankafunsa kuti: DNA yake ikufanana kwambiri ndi ya anthu a zaka zingati? Atajambula mayankhowo sanapeze mzere wowongoka koma wokhota, wokwera chamsangamsanga poyamba kenako n'kumagona. Fomula yake ndi iyi:

```
zaka za munthu = 16 × ln(zaka za galu) + 31
```

Musaope chizindikiro cha `ln`. Chili pa kalukuleta ya sayansi ya m'foni mwanu. Lembani zaka za galu, dinani `ln`, chulukitsani ndi 16, wonjezerani 31. Kwa Lekani, `ln` ya 9 ndi pafupifupi 2.2, kuchulukitsa ndi 16 ndi 35, kuwonjezera 31 ndi 66. Ngati mulibe kalukuleta, tanthauzo lake ndi losavuta kulisunga pamtima: galu wa chaka chimodzi ali pa 31, ndipo nthawi iliyonse zaka zake zikawirikiza kawiri, mumawonjezera 11. Zaka 2 ndi 42, zaka 4 ndi 53, zaka 8 ndi 64, zaka 16 ndi 75. Taonani kuti kuchoka pa chaka chimodzi kufika pa ziwiri ndi mtunda wofanana ndi kuchoka pa 8 kufika pa 16.

Tsopano Lekani wa lero ali ndi mayankho atatu, 63, 59 ndi 66, ndipo onse akutiuza za mayi wachikulire amene mphamvu zayamba kuchepa. Koma Lekani wa chaka chimodzi anali ndi mayankho 7, 15 ndi 31. Loyambalo taliona kale kuti ndi labodza. Nanga pakati pa 15 ndi 31, loona ndi liti?

Ine ndimati onse awiri, chifukwa akuyeza zinthu zosiyana. Nambala 15 ikunena za thupi looneka ndi khalidwe: galu amene wangotha msinkhu, wamakani, wotafuna nsapato, wosamva akaitanidwa, monga mnyamata wa Fomu 2. Nambala 31 ikunena za zimene zachitika m'kati mwa maselo, kumene zosintha zambiri zokhudza kukula zimakhala zitatha kale galu akamakwanitsa chaka. Palibe amene anakhalapo ndi galu wa chaka chimodzi angavomere kuti ali ndi nzeru za munthu wa zaka 31. Fomulayi ilinso ndi malire ake ena. Yesani kuikamo kagalu ka mwezi umodzi: yankho lituluka pansi pa ziro, ngati kuti sikanabadwe. Ndiponso inachokera pa mtundu umodzi wokha wa agalu. Zimene zili zoona kwa Labrador wa makilogalamu 30 sizingangokopedwa n'kuikidwa pa galu aliyense.

Ndipo pa nkhani ya mitundu mpamene agalu amazunguza mutu. Pakati pa nyama zoyamwitsa, zikuluzikulu ndizo zimakhalitsa: njovu imafika zaka 60 ndi kupitirira, mbewa chaka chimodzi kapena ziwiri. Pakati pa agalu okhaokha zinthu zimatembenuka. Agalu akuluakulu ngati Great Dane, amene amatha kupitirira makilogalamu 60, ambiri safika zaka 10. Tiagalu ting'onoting'ono ta makilogalamu 5 kapena 6 timadutsa zaka 14 osavutika. Kafukufuku wina amene anatuluka mu 2013, wa Cornelia Kraus ndi anzake, anapeza kuti chifukwa chachikulu n'chakuti agalu akuluakulu amakalamba mofulumira akangokula, ndipo anayerekeza kuti makilogalamu awiri alionse owonjezera pa msinkhu wa mtundu wa galu amachotsa pafupifupi mwezi umodzi pa moyo wake.

Chodabwitsa n'chakuti galu wamkuluyo amachedwa kukhwima. Kagalu kakang'ono kamamaliza kukula kasanakwanitse chaka, pamene Great Dane amapitiriza kukula mpaka miyezi 18 kapena zaka ziwiri, ndipo wamkazi amatha kuchedwa kuyamba kufuna amphongo mpaka atadutsa chaka. Ndiye pa chaka chimodzi galu wamkulu ndi "wamng'ono" kuposa kagalu kakang'ono, koma pa zaka 7 ndi nkhalamba, mnzakeyo akadali pakati pa moyo. Mizere yawo imadutsana. Palibe nambala imodzi yochulukitsira imene ingakwane onse awiri, ngakhale mutasankha 6, 8 kapena 9. Thupi limene lakula mothamanga choncho limalipira pambuyo pake: agalu akuluakulu ndiwo amadwala kwambiri khansa ya m'mafupa, matenda ofooketsa mtima ndi kutha kwa mfundo za m'chiuno. Anthu amene amagula agalu akuluakulu achizungu kuti azilonda pakhomo m'matauni athu ayenera kudziwa kuti galu wotere akafika zaka 6 watsala pang'ono kupuma pa ntchito, ngakhale akuuwabe mwaukali.

Kukula kwa thupi si zonse. Ku Britain, akatswiri a Royal Veterinary College anawerengera mu 2022 kuti galu wa kumeneko amayembekezeka kukhala zaka 11.2. Jack Russell anali pamwamba ndi zaka 12.7, koma French Bulldog, kagalu kakang'ono ndithu, kanali pansi penipeni ndi zaka 4.5. Mwa zina n'chifukwa cha mphuno yake yophwatalala imene imakavutitsa kupuma. Kodi tinene kuti chaka chimodzi cha kagaluka ndi zaka 15 za munthu moyo wake wonse? Ayi. Kufa msanga ndi kukalamba msanga ndi zinthu ziwiri, ndipo samu ya 70 kugawa ndi 10 imazisakaniza.

Mfundo imeneyi ikutikhudza kwambiri kuno kwathu. Agalu ambiri a m'midzi ndi m'makwalala safika zaka 10, koma si chifukwa chakuti amakalamba mofulumira. Ambiri amafa ali ana ndi matenda otsegula m'mimba mwa magazi, njoka za m'mimba kapena njala. Ena amagundidwa ndi galimoto, ena amafa ndi matenda a nkhupakupa, chiwewe kapena poizoni. Mwa ana asanu a Lekani aja, awiri anafa asanakwane miyezi 3. Mukawaphatikiza pa avereji, banja lonse lioneka lokhala nthawi yochepa, komatu maselo a atatu otsalawo akukalamba pa liwiro la galu wina aliyense wa msinkhu wawo. Galu wachikuda wobayidwa katemera, wopatsidwa mankhwala a njoka ndi wodya mokwanira amatha kudutsa zaka 12.

Kudya mokwanira sikutanthauza kunenepa. Pa kafukufuku amene anatsatira agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, theka la agaluwo linkapatsidwa chakudya chochepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi abale awo a bere limodzi. Odya pang'onowo anakhala pafupifupi zaka 13, anzawo zaka 11, ndipo nyamakazi inachedwa kuwagwira. Agalu awiri obadwa tsiku limodzi kwa mayi mmodzi angathe kusiyana "zaka za munthu" pafupifupi 10 chifukwa cha mbale basi.

Pali malo amodzi pamene kuyerekeza kulikonse kumathera, ndipo pamenepa mpamene Lekani anatsala pang'ono kutisiya. Mayi akafika zaka za m'ma 45 mpaka 55 amasiya kusamba, kubereka n'kutha. Galu wamkazi alibe nyengo yotere. Amapitiriza kufuna amphongo moyo wake wonse, ngakhale kuti nthawi yake imatalikirana ndipo ana amachepa. Mphaka chimodzimodzi. Ife tinkati galu wa zaka 8 ndi gogo, za chiberekero zatha. Patatha mwezi umodzi chichokereni amphongo pa geti, anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe, kukodza pafupipafupi, kukana nsima ya mgaiwa imene amaikonda, ndi kumangogona pansi pa mtengo wa mango. Kumbuyo kwake kunkatuluka zinthu zonunkha. Adokotala a ziweto atamugwiragwira pamimba anandifunsa, "Anali pa nyengo yake liti, achimwene?" Nditawauza anati, "Ndi mafinya m'chiberekero awa. Mukanachedwa masiku awiri tikanakamba zina." Anamuchita opaleshoni tsiku lomwelo. Matendawa amakonda agalu aakazi achikulire amene sanachotsedwe chiberekero, ndipo amabwera masabata angapo pambuyo pa nyengo yofuna amphongo. Palibe nambala ya zaka za munthu, 56, 54 kapena 64, imene ikanatichenjeza.

Kwa mphaka ngozi yake yaikulu ili kumayambiriro. Wamkazi angathe kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5, mano ake 30 a ukulu asanakwane n'komwe, n'chifukwa chake madokotala ambiri amalangiza kumutseka asanafike miyezi 5. Ubwino wa amphaka ndi wakuti misinkhu yawo ndi yofananako, choncho mawerengedwe a 15, 24 ndi 4 amakwana pafupifupi onse. Ukalamba wawo ndiwo umabisala. Mphaka sachita imvi zooneka ngati galu, ndipo satsimphina poyera. Mumangoona kuti wasiya kudumphira pa windo, ubweya wake wapotana chifukwa sakudzinyambita, kapena akumwa madzi ambiri uku akuwonda, chimene kawirikawiri chimaloza ku impso. Akamadya kwambiri koma n'kumawondabe, madokotala amayang'ana chithokomiro kapena shuga. Zimenezi zimachuluka akadutsa zaka 10.

Nanga galu amene munapatsidwa ali wamkulu kale, wopanda tsiku lobadwa? Mano amathandiza bwino m'chaka choyamba chokha. Mukatukula mlomo n'kupeza timano ting'onoting'ono tosongoka tokhatokha, sanafike miyezi 4. Mukapeza tosakanikirana ndi mipata, ali pakati pa miyezi 4 ndi 6. Mano onse akuluakulu, oyera mbee, nsonga za akutsogolo zikadali ndi timizere take, ndi galu wa chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono. Kupyola pamenepo mumangoyerekeza, chifukwa galu wophwanya mafupa tsiku lililonse amaperepesa mano msanga kuposa wodya phala. Imvi nazo zimanama. Agalu ena amazitulutsa ali ndi zaka zitatu. Maso ndi odalirikako: kuyambira zaka 6 mpaka 8 mwana wa diso amayamba kuoneka wotuwa mobiriwira ngati utsi mukamuunika. Si ng'ala, galuyo amaonabe bwino, ndi kuuma chabe kwa galasi la m'diso chifukwa cha zaka.

Madokotala ambiri masiku ano safunsanso kuti galu ali ndi zaka zingati za munthu. Amafunsa kuti wafika pati pa ulendo wa agalu a msinkhu wake, ndipo amamutcha wokalamba akalowa m'gawo lomaliza mwa magawo anayi a zaka zimene mtundu wake umakhala. Kwa galu woyembekezeka kukhala zaka 8, gawolo limayamba pa zaka 6. Kwa woyembekezeka zaka 16, limayamba pa 12. Kwa Lekani, ngati tiika zaka 12 kapena 13, walowamo chaka chino. Adokotala aja anati ndizipita naye kawiri pa chaka m'malo mwa kamodzi, ndizimukweza pa sikelo mwezi uliwonse, ndipo ndimuyalire thumba pakhonde chifukwa simenti yozizira ya mu Juni imamuumitsa miyendo yakumbuyo akamadzuka m'mawa. Amalume akabwera amamutchulabe kuti ndi wa zaka 63, ndipo chaka chino ndawaleka, poti aphonya ndi zaka zinayi zokha.